Chifukwa chake foni imaonetsa moto wosiyana pa timahedifoni tiwiri ndi bokosi lake

Funso: Ndinagula timahedifoni topanda waya miyezi 8 yapitayo. M'mawa ndikatichotsa m'bokosi tonse timakhala pa 100, koma pakatha maola awiri foni imaonetsa kuti kakumanzere kali pa 45 pamene kakumanja kali pa 70. Bokosi limakhala pa 80 nthawi yonseyo, ndipo ndikabwezeramo timahedifoni n'kudzatsegulanso ndimapeza latsika kufika pa 70. Kodi kakumanzere kawonongeka, kapena foni ndi imene ikunama?

Yankho: Manambala atatuwo akuchokera ku mabatire atatu osiyana, ndipo palibe waya wowalumikiza pa nthawi imene timahedifoni tili m'makutu mwanu. Kakumanzere kali ndi batire lake, kakumanja kali ndi lake, ndipo bokosi lili ndi lalikulu limene ntchito yake ndi kudzaza awiri aang'onowo. Kawirikawiri batire la kahedifoni kamodzi limakhala la pakati pa 30 ndi 60 mAh, umene ndi muyeso wa kuchuluka kwa moto umene batire lingasunge, pamene la bokosi limakhala la pakati pa 300 ndi 500 mAh. Choncho kusiyana kwa manambala pakokha si chizindikiro cha vuto. Chimene chimaulula vuto ndi kachitidwe ka kusiyanako: ngati kukuyamba timahedifoni titangotuluka m'bokosi, ngati kukukula pang'onopang'ono, kapena ngati nambala imodzi ikugwa mwadzidzidzi. Kusiyana kwanu kwa 25 m'maola awiri kuli pamalire, chifukwa kungakhale kwabwinobwino ngati munaimba foni nthawi yaitali, koma kungakhalenso chiyambi cha kutopa kwa batire la kumanzere.

Timahedifoni tiwirito timaoneka tofanana, koma sitigwira ntchito yofanana. Pa kulumikizana kwa Bluetooth kumene kwakhala kukugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, foni imaona timahedifoni tonse ngati chipangizo chimodzi, ndipo imalankhula ndi kamodzi kokha. Kameneko ndi kotsogolera. Pa mitundu yotchipa komanso yakale, kotsogolera kamalandira nyimbo yonse kuchokera ku foni, n'kusunga mbali yake, kenaka n'kutumiza mbali inayo kwa kanzake kudutsa mutu wanu, umene mafunde a wailesi a mtundu umenewu sadutsa mosavuta. Kamakhala kakulandira ndi kutumiza nthawi imodzi, pamene kanzake kakungolandira basi. Pa mitundu yatsopano, kachiwiri kamamvetsera nawo mwachindunji zimene foni ikutumiza, kotero ntchito ya kotsogolera imapepuka, komabe ndi kotsogolerako kamene kamayankha foni, kupempha kuti zidutswa zotayika zitumizidwenso, ndi kusamala kuti mbali ziwiri za nyimbo zisasiyane nthawi. Opanga ena anakonza kuti udindowu uzisinthana, makamaka batire la kotsogolera likatsika kwambiri, koma pa mitundu yambiri kamene mwayamba kuchotsa m'bokosi ndi kamene kamatsogolera mpaka mutabwezera. Munthu amene anazolowera kuyamba ndi kakumanzere tsiku lililonse amakapatsa ntchito yolemera tsiku lililonse osadziwa.

Kuimba foni kumakulitsa kusiyanaku kuposa china chilichonse. Ngakhale timahedifoni tonse tili ndi maikolofoni, pa nthawi ya kukambirana mawu anu amapita ku foni kudzera m'kamodzi kokha, ndipo kameneko kamakhala kakuyatsa maikolofoni ake, kusefa phokoso la mphepo ndi la mumsewu, ndi kutumiza mawuwo mosalekeza. Kukula kwa ntchitoyi kumaoneka ngakhale pa zimene opanga amalonjeza: Apple inanena kuti timahedifoni take ta AirPods ta m'badwo wachiwiri timatha maola 5 pomvera nyimbo, koma maola 3 okha polankhula pa foni. Pa iPhone muli malo osankhira zimenezi, pansi pa Microphone, pamene mungasankhe Automatically Switch AirPods, Always Left AirPod kapena Always Right AirPod, ndipo munthu amene anasankha mbali imodzi n'kuiwala adzaona mbali imeneyo ikutha msanga nthawi zonse. Mauthenga a mawu a pa WhatsApp nawonso amayatsa maikolofoni, ngakhale anthu ambiri sawawerengera ngati kuimba foni.

Tiyeni tione manambala anu. Tiyerekeze kuti batire la kahedifoni kalikonse ndi la 40 mAh. Kakumanja kataya 30 peresenti m'maola awiri, kutanthauza 12 mAh, ndipo pa liwiro limeneli kangathe maola oposa 6, zimene ndi zabwino ndithu. Kakumanzere kataya 55 peresenti, kutanthauza 22 mAh, ndipo kangathe maola osakwana 4. Kakumanzere kakudya moto pafupifupi kawiri kuposa kanzake. Utsogoleri wokha pomvera nyimbo suyenera kubweretsa kusiyana kwakukulu chotere pa timahedifoni tabwino. Nthawi zambiri umasiyanitsa manambala ndi 5 kapena 10 basi. Koma ngati pa maola awiriwo ola lathunthu linali la kukambirana pa foni, ndipo kakumanzere ndi kamene kanali kotsogolera komanso konyamula mawu anu, ndiye kuti 45 ndi 70 si zodabwitsa. N'chifukwa chake sindingaweruze batire lanu ndi manambala a tsiku limodzi la ntchito zosakanikirana, ndipo ndikupatsani njira yoyesera m'munsimu.

Musanayese, muyenera kudziwa kuti peresenti imene mukuonayo ndi yongoyerekeza. Palibe chipangizo chimene chimasuzumira m'batire n'kuona kuchuluka kwa moto wotsala. Foni yanu ili ndi kachipangizo kowerengera magetsi olowa ndi otuluka, n'chifukwa chake peresenti yake imatsika mwadongosolo, koma m'kahedifoni malo ndi ochepa, ndipo tambiri timangoyeza mavoti a batire n'kuwasandutsa peresenti. Batire la mtundu umenewu likadzaza limakhala pa mavoti 4.2 kapena kupitirira pang'ono, ndipo likamatha limakhala cha m'ma 3.3. Vuto ndi lakuti mavotiwo satsika molingana. Amatsika msanga pachiyambi, kenaka amakhala nthawi yaitali pakati pa 3.9 ndi 3.6, ndipo pamapeto amagwa mofulumira. Zili ngati kuyerekeza madzi otsala mu thanki poona mphamvu imene akutulukira pa mpopi: thanki ikadzaza kapena ikatsala pang'ono kuuma mumadziwa, koma pakatipa mphamvuyo imasintha pang'ono kwambiri moti n'zosavuta kulakwitsa. Pa gawo lapakatili, kusiyana kochepa zedi kwa mavoti kungasinthe nambala ndi 10 peresenti kapena kuposa.

Kuwonjezera apo, mavoti amatsika batire likamagwira ntchito yolemera, ndipo amakweranso likapuma. Kahedifoni kamene kali pakati pa kukambirana kangaonetse 45, ndipo mukadula foni n'kudikira mphindi zingapo kangaonetse 50 popanda kutchajidwa. Moto sunawonjezeke, batire langopuma, ndipo muyeso wabwerera pafupi ndi choonadi.

Palinso nkhani ya momwe nambalayo imafikira pa foni. Foni simayeza kanthu, imangolemba zimene yauzidwa. Timahedifoni tambiri, makamaka totchipa, timauza foni moto wake m'masitepe a 10, kotero mumangoona 100, 90, 80 ndi kutsika motero. Pa timahedifoni totere, kamodzi kakhoza kukhala pa 51 ndipo kanzake pa 49, koma foni n'kuonetsa manambala osiyana ndi 10 yathunthu, ndipo munthu n'kuyamba kuda nkhawa ndi kusiyana kumene kulibe. Popeza inu mukuona 45, zikuoneka kuti tanu timapereka nambala mwatsatanetsatane, ndipo kusiyana kwanu sikungafotokozedwe ndi masitepe okha. Dziwaninso kuti njira wamba ya Bluetooth imanyamula nambala imodzi yokha ya chipangizo chonse. Manambala atatu amaoneka pokhapokha pali njira yowonjezera, monga ya Apple pa iPhone, Fast Pair ya Google pa mafoni a Android, kapena pulogalamu ya wopanga monga Galaxy Wearable ya Samsung. Ichi n'chifukwa chake tsamba la Bluetooth la foni lingaonetse nambala imodzi pamene pulogalamu ya wopanga ikuonetsa itatu, ndipo nambala imodziyo imakhala ya kotsogolera kapena ya kamene katsika kwambiri, malinga ndi momwe wopanga anakonzera. Timahedifoni tachinyengo totengera maonekedwe a mitundu yotchuka timaonetsanso manambala atatu okongola, koma pa tambiri mwa timeneti manambalawo sayenera kukhulupiriridwa, ndipo a bokosi ndi amene amanama kwambiri.

Za bokosi lanu ndilibe nkhawa iliyonse. Pa mitundu yambiri bokosi lilibe wailesi yakeyake yolankhulira ndi foni. Limauza timahedifoni moto wake kudzera pa tizitsulo totchajira tija, ndipo timahedifoni ndi timene timafikitsa uthengawo ku foni. Mukangotichotsa, njira imeneyi yaduka, ndipo 80 amene mukuona m'mawa wonse ndi nambala yomaliza imene bokosi linanena musanatichotse. Mafoni ena amaichotsa nambalayo pakapita nthawi, ena amaisiya ili pomwepo. Kuti muone nambala yatsopano, ikani kahedifoni kamodzi kapena tonse m'bokosi, siyani chivindikiro chotsegula, ndipo yandikizani foni. Komabe pa maola awiri amene bokosi linali lopanda kanthu silinagwire ntchito, choncho 80 anali pafupi ndi choonadi.

Kutsika kwake kufika pa 70 nakonso kukugwirizana ndi masamu. Kuti timahedifoni tanu tidzaze, pankafunika 22 mAh kumanzere ndi 12 mAh kumanja, zonse pamodzi 34 mAh. Koma moto susamuka wonse. Bokosi limayamba lakweza mavoti a batire lake, ndipo kahedifoni kamawatsitsanso kuti agwirizane ndi batire lake, ndipo pa masitepe awiriwa gawo lina limatayika ngati kutentha. Tikayerekeza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi likutayika, bokosi liyenera kupereka pafupifupi 45 mAh kuti 34 mAh ifike. Ngati batire la bokosi ndi la 400 mAh, ndiye kuti latsika ndi 11 peresenti, kuchoka pa 80 kufika pa 69, ndipo foni ikulemba 70. Kutayika komweku ndi kumene kumachititsa kuti bokosi la 400 mAh lisadzaze timahedifoni tiwiri, tokwana 80 mAh tonse pamodzi, kasanu monga kugawa kungasonyezere, koma katatu kapena kanayi.

Tsopano kuyesa kwake. Choyamba yeretsani malo otchajira, chifukwa vuto limene limapezeka kwambiri si la batire ayi, ndi la litsiro. Pansi pa kahedifoni kalikonse pali tizitsulo tiwiri kapena titatu, ndipo m'bokosi muli timapini tokhala ndi sipuling'i timene timakhudza tizitsuloto. Thukuta, phula la m'khutu, mafuta odzola ndi fumbi zimapanga kachikuto kopyapyala kamene kamalepheretsa magetsi kudutsa bwino, ndipo m'nyengo ya fumbi zimenezi zimachitika msanga kwa munthu amene amasunga bokosi m'thumba. Pukutani tizitsulo ndi thonje louma lokulungidwa pa kamtengo, kapena lonyowetsedwa pang'ono kwambiri ndi sipiriti, ndipo dikirani ziume. Musagwiritse ntchito singano kapena waya, chifukwa mungakale chikuto cha tizitsulo kapena kulumikiza timapini tiwiri n'kuwononga bokosi. Dinani pini iliyonse mofatsa ndi kamtengo kuti muone ngati ikubwerera; pini imene yatsalira pansi siingakhudze kahedifoni. Ngati munasintha timalabala ta m'khutu n'kuika tokulirapo, onetsetsani kuti chivindikiro chikutsekeka bwinobwino, chifukwa labala lalikulu limanyamula kahedifoni pang'ono n'kukasiyanitsa ndi timapini.

Mukatero, tchajani bokosi timahedifoni tili m'kati kwa maola awiri, kenaka tsegulani n'kuwerenga manambala musanatichotse. Ngati kakumanzere kali pa 80 kapena kutsika pamene kakumanja kali pa 100, vuto lili pa kutchaja, ndipo kamayamba tsiku kali kale m'mbuyo. Pali chizindikiro china cha vuto lomweli chimene anthu ambiri sachizindikira: foni kukhalabe yolumikizidwa ku timahedifoni bokosi lili lotseka, kapena nyimbo kumveka chapansipansi kuchokera m'bokosi. Kahedifoni kamadziwa kuti kalowa m'bokosi chifukwa cha magetsi a pa timapini kapena maginito a chivindikiro, ndipo kakapanda kudziwa kamakhala koyaka usiku wonse n'kudzuka kopanda moto. Apa ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: mitundu ina ya AirPods imaima dala pa 80 peresenti kwa kanthawi pofuna kuteteza batire, pansi pa Optimized Battery Charging, koma zimenezi zikachitika timahedifoni tonse timaima pamodzi, osati kamodzi kokha.

Ngati tonse tili pa 100, tivaleni tonse, zimitsani chochotsa phokoso ngati chilipo, ikani voliyumu pakati, ndipo mverani nyimbo kwa ola limodzi ndi theka popanda kuimba foni kapena kujambula uthenga wa mawu. Lembani manambala awiriwo pakatha mphindi 30 zilizonse. Tsiku lotsatira bwerezani zomwezo, koma yambani kuchotsa m'bokosi kamene dzulo munamaliza nako, ndipo dikirani kalumikizane ndi foni musanachotse kanzake. Kusinthaku ndi kumene kumapereka yankho. Ngati dzulo kanatsika kwambiri ndi kakumanzere ndipo lero ndi kakumanja, mabatire onse ali bwino, ndipo chimene mumaona ndi mtolo wa utsogoleri. Ngati kusiyana kuli kosapitirira 10, palibe choti mukonze. Koma ngati kakumanzere kakutsalirabe ndi 20 kapena kuposa masiku onse awiri, posatengera kamene kanayamba kutuluka, pali zotheka ziwiri: timahedifoni tanu ndi ta mtundu umene kotsogolera sikasintha, kapena batire la kumanzere latopa. Kuti musiyanitse, dzazani tonse, mverani ndi kakumanzere kokha kwa ola limodzi kanzake kali m'bokosi, kenaka chitani chimodzimodzi ndi kakumanja kokha. Pa kuyesa kumeneku kalikonse kamagwira ntchito yofanana ndendende, choncho kamene kataya moto wambiri ndi kamene kali ndi batire lofooka.

Batire lotopa lili ndi khalidwe lake losabisika. Limadzaza msanga modabwitsa, mwina m'mphindi zochepa n'kuonetsa 100, chifukwa malo osungira moto achepa. Limatsika mwadongosolo mpaka cha m'ma 40 kapena 30, kenaka kahedifoni n'kuzima mwadzidzidzi, makamaka foni ikalira kapena mukakweza voliyumu, chifukwa batire lokalamba limalephera kusunga mavoti ake ntchito ikalemera. Mabatire a mtundu umenewu amataya mphamvu pang'onopang'ono pa ulendo uliwonse wodzaza ndi kutha, ndipo pambuyo pa maulendo mazana angapo kuchepako kumaoneka. Miyezi 8 ndi yochepa kuti batire lifike pamenepo ngati timahedifoni tonse timagwiritsidwa ntchito mofanana. Koma anthu ambiri amavala kamodzi kokha, kuti khutu lina lizimva za pantchito kapena za mumsewu, ndipo kamene kamavalidwako kamakalamba kokha pamene kanzake kakugona m'bokosi. Kutentha nako kumafulumizitsa ukalambawu: bokosi losiyidwa padzuwa, pawindo la galimoto kapena pafupi ndi solala pamene mukutchaja m'mwezi wa Okutobala limawononga mabatire onse atatu mwakachetechete.

Ngati kuyesa kwaonetsa manambala odumphadumpha, mwachitsanzo 60, kenaka 80, kenaka 50, yesani kubwezera timahedifoni pa chiyambi. Chotsani dzina lake pa tsamba la Bluetooth la foni, tibwezereni m'bokosi, ndipo dinani batani la bokosi kwa nthawi imene buku la wopanga likunena. Pa AirPods zokhala ndi batani kumbuyo ndi masekondi pafupifupi 15, mpaka kanyali kathwanima mwa chikasu chodera kenaka moyera. Mukalumikizanso, tigwiritseni ntchito kamodzi mpaka tizime, n'kutitchaja mpaka tidzaze popanda kudukiza, chifukwa pa mitundu ina izi zimathandiza kuti muyeso ugwirizanenso ndi batire. Sizibwezera mphamvu imene batire linataya, ndipo si chinthu choti muzichita kawirikawiri, popeza kutha moto wonse kumatopetsa batire. Ngati pulogalamu ya wopanga ikuonetsa kuti pali pulogalamu yatsopano ya timahedifoni, ikani, chifukwa zolakwika za muyeso ndi za kusinthana udindo nthawi zina zimakonzedwa motero.

Pamene kwatsimikizika kuti batire la kumanzere ndi lofooka, njira zimachepa, chifukwa timahedifoni tambiri ndi tomata ndi guluu ndipo sitinapangidwe kuti tizitsegulidwa. Ngati munagula kwa wogulitsa wovomerezeka ndipo muli ndi lisiti, miyezi 8 nthawi zambiri imakhala ikadali m'kati mwa chitsimikizo cha chaka chimodzi, ndipo manambala amene munalemba poyesa adzakuthandizani kufotokoza vutolo momveka. Opanga ena akuluakulu amagulitsa kahedifoni kamodzi kolowa m'malo, kamene kamafunika kulumikizidwa ndi kanzake potsatira malangizo awo. Pamene mukudikira, yambani kuchotsa kakumanja m'bokosi kuti kazitsogolera, ndipo ngati foni ikulola, sankhani kuti maikolofoni ikhale ya kumanja. Koma mukaona kuti kahedifoni katupa, msoko wake wang'ambika, kakutentha potchaja, kapena chivindikiro cha bokosi chasiya kutsekeka popanda chifukwa, lekani kukatchaja ndi kukavala nthawi yomweyo, chifukwa batire lotupa likhoza kuyaka.